Machu Picchu ndi khamu la alendo: mafunso ndi mayankho pa malire a chiwerengero ndi njira zoyendamo

Machu Picchu ndi mzinda wamiyala umene Ainka anamanga cha m'ma 1450 pamsana wa phiri, mamita pafupifupi 2,430 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, m'chigawo cha Cusco ku Peru. Bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1983. Podzafika 2018 ndi 2019 unkalandira alendo pafupifupi 1.5 miliyoni pachaka. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza zida ziwiri zimene boma la Peru limagwiritsa ntchito kuti malowa asawonongeke: kuika malire a anthu olowa, ndi kuwagawira njira zoti adzere.

Mzinda wamiyala umene wakhala zaka zoposa 500, ungawonongeke bwanji ndi anthu ongoyenda?

Anthu ambiri akamva za kuwonongeka amaganiza za khoma kugwa. Koma khoma la Ainka ndi lolimba, ndipo chimene chimavutika msanga ndi pansi pamene munthu akuponda. Kumaloko kumagwa mvula yochuluka, pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka, ndipo omanga aja ankadziwa kuti mdani wamkulu wa mzinda wawo ndi madzi. Katswiri wa zamadzi Kenneth Wright ndi katswiri wa zofukula zakale Alfredo Valencia Zegarra, amene anafufuza malowa kwa zaka zambiri, anawerengera kuti pafupifupi magawo 60 pa 100 a ntchito yomanga mzindawu ali pansi pa nthaka. Munda uliwonse wamasitepe uli ndi miyala ikuluikulu pansi, kenako miyala ing'onoing'ono, kenako mchenga, ndipo dothi lachonde lili pamwamba. Mvula ikagwa madzi amalowa pansi mofatsa n'kutulukira m'mabowo oposa 100 amene anasiyidwa m'makoma.

Tsono anthu masauzande akamaponda malo amodzi tsiku ndi tsiku, dothi lapamwamba lija limatsendereka n'kuuma gwa. Udzu umafa. Madzi salowanso pansi, amayamba kuthamanga pamwamba, kukokolola dothi ndi kudikha m'tsinde mwa makoma. Khoma limene maziko ake akhala m'madzi limayamba kupendekeka, ngakhale palibe amene analikankha. Masitepe nawo amasalala ndi kukumbika pakati pamene phazi limatera, ndipo miyala imene anthu amakonda kugwira kapena kutsamira pojambulitsa imadetsedwa ndi thukuta ndi mafuta a m'manja. Mlendo mmodzi sangaone kuti wawonongapo kanthu, koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kodi malire a chiwerengero amawerengedwa bwanji? Kapena ndi nambala yongopeka?

Pali njira zowerengera, ndipo yodziwika kwambiri ku Latin America ndi imene Miguel Cifuentes anafalitsa ku Costa Rica mu 1992. Imayenda m'masitepe atatu: poyamba mumawerengera anthu amene angakwane pamalopo, kenako mumachotsera chifukwa cha zofooka za malowo, ndipo pomaliza mumachotseranso molingana ndi mphamvu za amene akuyang'anira.

Tiyeni tiyese ndi njira yongoyerekezera, yotalika mamita 600. Munthu aliyense akatenga mita imodzi, pangaime anthu 600 nthawi imodzi. Ngati malowo amatsegulidwa maola 9 ndipo kuyenda njirayo kumatenga ola limodzi ndi theka, ndiye kuti ingadzaze n'kukhuthuka kasanu ndi kamodzi patsiku, anthu 3,600. Apa ndi papepala pokha, chifukwa palibe munthu amene angapirire kuyenda mphuno ili pamsana pa mnzake.

Ndiye timachotsera. Alendo amayenda m'magulu, tinene a anthu 10, ndipo pakati pa gulu ndi gulu pafunika mpata wa mamita 20 kuti woperekeza alendo amveke akamafotokoza. Gulu lililonse likudya mamita 30, choncho panjirayo pakwana magulu 20, anthu 200 m'malo mwa 600, ndipo patsiku atsala 1,200. Tikapeza kuti mamita 120 a njirayo ndi otsetsereka ndipo dothi lake limakokoloka msanga, timachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu, n'kutsala 960. Pomaliza timafunsa kuti kodi alonda, zikwangwani, zingwe zotchingira ndi anthu okonza njira alipo okwanira? Ngati alipo magawo atatu okha mwa anayi a ofunika, nambala ija imatsikira pa 720.

Taonani kuti tachoka pa 3,600 kufika pa 720, ndipo sitepe iliyonse panali munthu amene anachita kusankha. Ndani wanena kuti mpata ukhale mamita 20 osati 10? Mukausintha, yankho lonse lisintha. Nambalayi si yopeka, koma si yochokera kumwambanso ayi. Imatsatira zimene oyang'anira agwirizana kuti n'zololeka.

Nanga ku Machu Picchu nambala yake ndi iti?

Yasinthasintha, ndipo mbiri ya kusinthako imaphunzitsa kuposa nambala ina iliyonse. Kwa zaka zambiri malire olembedwa anali alendo 2,500 patsiku. Koma mukagawa alendo 1.5 miliyoni ndi masiku 365 mupeza anthu oposa 4,000 patsiku, kusonyeza kuti malire aja anali m'buku chabe. Mu Julayi 2020, malowa ali otseka chifukwa cha mliri wa korona, unduna wa zachikhalidwe unakhazikitsa 2,244 patsiku, nambala yochokera pa kafukufuku wa mu 2015 amene anatsogolera katswiri wa zofukula zakale Douglas Comer. Sinakhalitse. Inakwera kufika 3,044, kenako 4,044 mu 2022. Kuyambira mu 2024 ndi 4,500 masiku wamba, ndipo m'nyengo ya alendo ambiri imafika 5,600. M'chaka chimenecho nyengoyi inayamba pa 1 Juni mpaka pa 15 Okutobala.

Miyala sinalimbe kuwirikiza kawiri m'zaka zinayi. Boma limati njira zatsopano ndi kulowa kwa maola zalola kuti malowa alandire anthu ambiri popanda kuwaunjika pamodzi, ndipo m'mawu amenewa muli choonadi. Koma n'zoonanso kuti nambala inkakwera pamene eni mahotela, malesitilanti ndi makampani oyendetsa alendo ankakakamiza boma. Ine ndimaona kuti zifukwa zonse ziwiri zinagwira ntchito, ndipo chachiwiricho n'chimene chinali ndi mawu okweza.

Ngati nambala ya tsiku ilipo, kulowa kwa maola kukufunikiranji?

Chifukwa dothi ndi masitepe sizimva kulemera kwa anthu a tsiku lonse, zimamva anthu amene alipo pa nthawiyo. Kale pafupifupi aliyense ankafuna kulowa m'mamawa kuti aone nkhungu ikuchoka pa mzindawo. Cha m'ma 10 koloko munkakhala piringupiringu, koma dzuwa likapendeka munkatsala anthu owerengeka. Mu Julayi 2017 tsiku linagawidwa pawiri, m'mawa ndi masana. Sizinakwanire, ndipo mu Januwale 2019 anayamba kugulitsa matikiti a ola ndi ola kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana.

Masamu ake ndi apafupi:

```
anthu ali mkati = olowa pa ola × maola amene aliyense amakhala
```

Tiyerekeze kuti anthu 4,500 agawidwa mofanana m'maola 9. Ola lililonse alowa 500. Aliyense akakhala maola 4, mkati mudzakhala anthu 2,000 nthawi imodzi. Akakhala maola awiri ndi theka, mudzakhala 1,250. Tikiti sinachepe ngakhale imodzi, koma katundu amene ali pa malowo wachepa kwambiri. N'chifukwa chake njira zikuluzikulu za mumzindamo zinakonzedwa kuti zithe m'maola pafupifupi awiri ndi theka, ndipo munthu akatuluka saloledwa kulowanso. Mkati mulibe zimbudzi, zili panja pa geti, ndipo chimenechinso chimathandiza kuti anthu asachedwe, kaya anakonza dala kapena ayi.

Njira zoyendamo zilipo zingati, ndipo zimasiyana bwanji?

Kuyambira pa 1 Juni 2024 pali madera atatu oyendamo, ogawidwa m'njira khumi. Pogula tikiti mudzawaona ndi mayina a Chisipanishi.

`Circuito 1 – Panorámico` amakweza munthu kuminda yapamwamba, kufupi ndi kanyumba ka mlonda, kumene chithunzi chodziwika chija chimajambulidwa, mzinda uli m'munsi ndipo phiri la Huayna Picchu lili kumbuyo kwake. Sakulowetsani pakati pa nyumba. Nthambi zake zimapita kuphiri la Machu Picchu, ku geti la Intipunku ndi ku mlatho wa Ainka.

`Circuito 2 – Clásico` ndi amene ambiri amamufuna. Amayambira pamalo oonera mzinda, kulowa pachipata chachikulu, kudutsa pamene ankasema miyala, pabwalo lopatulika pamene pali kachisi wa mazenera atatu, mpaka ku mwala wopatulika, n'kubwerera chakumunsi.

`Circuito 3 – Realeza` amadzera kumunsi, cha ku Kachisi wa Dzuwa, nyumba ya mfumu ndi Kachisi wa Kondo, chimbalame chachikulu cha m'mapiri a Andes. Amene akukwera Huayna Picchu amalowera kumeneku. Njira zinayi mwa khumizi zimatsegulidwa m'nyengo ya alendo ambiri yokha, ndipo n'zimene zimanyamula ena mwa anthu owonjezera aja.

Njira za mkati mwa mzindawu n'zopita mbali imodzi. Mukadutsa malo, mwadutsa. Alonda amaima m'mphambano, ndipo zingwe ndi mivi zimasonyeza kolowera.

N'chifukwa chiyani salola kubwerera m'mbuyo? Zikuoneka ngati nkhanza kwa munthu amene walipira ndalama zambiri.

Funsoli n'lomveka, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mzindawu sunamangidwire alendo. Zipata zake zina n'zoti mudutse munthu mmodzi, ndipo masitepe ena ndi opapatiza, khoma mbali iyi, phompho mbali inayo. Pamalo oterowo anthu awiri akakumana wina akukwera wina akutsika, mmodzi amayenera kupatuka. Popatukapo amaponda m'mphepete mwa munda, amagwira khoma, kapena amakwera pamwala umene si sitepe. Zikachitika kambirimbiri, njira ya mita imodzi imasanduka ya mamita awiri, ndipo mbali yowonjezerekayo ndi dothi lopanda udzu.

Kuyenda mbali imodzi kumathetsa kukumanako, komanso kumalola kuti oyang'anira awerengere bwino. Njira ili ngati chigayo: kaya chikapu chake n'chachikulu bwanji, ufa umatuluka molingana ndi pakhosi pake. Tinene kuti pa njira ina pali masitepe amene amadutsitsa anthu 10 pa mphindi, ndiwo 600 pa ola. Mukalowetsa 500 pa ola zonse ziyenda bwino. Mukalowetsa 700, ola lililonse pamatsalira anthu 100, ndipo pakatha maola atatu anthu 300 aima pamalo amene anayenera kungodutsidwa. Anthu oima amawononga kuposa oyenda, chifukwa amatopa, amakhala pamakoma, amafunafuna mthunzi kunja kwa chingwe. Choncho malire enieni a njira iliyonse amachokera pa malo ake opapatiza kwambiri. Phindu logawa njira zitatu n'lakuti anthu onse sakulimbirananso khosi limodzi.

Koma mtengo wake ulipo, ndipo sindikufuna kuubisa. Mlendo wa lero saona mzinda wonse ndi tikiti imodzi, ndipo sangakhale phee pakona imene yamukhudza mtima kwa ola lathunthu monga ankachitira anthu zaka makumi awiri zapitazo. Chinthu chimenechi chatayika ndithu.

Kodi pali malo amene anatsekedwa kapena ali ndi malire akeake?

Inde. Phiri la Huayna Picchu, lokhala ndi masitepe otsetsereka kwambiri, kwa zaka zambiri linkalandira anthu 400 okha patsiku, m'magulu awiri a 200. Mu 2019 malo atatu osalimba anapatsidwa maola awoawo: mwala wosemedwa wa Intihuatana m'mawa, Kachisi wa Kondo chakumasana, Kachisi wa Dzuwa dzuwa litapendeka. Mu Sepitembala 2023 unduna unalengeza kuti mbali zina za malo atatu omwewa zatsekedwa chifukwa miyala ikuperepeseka. Intihuatana, mwala wosemedwa umene uli pamwamba pa kaphiri ka masitepe, unavulazidwapo kale mu 2000 pamene chipangizo chonyamulira kamera chinaugwera n'kuubenthula pojambula kanema wotsatsa mowa.

Malamulo ang'onoang'ono oletsa kulowa ndi zinthu zina nawo ali ndi cholinga chomwechi. Ndodo zokhala ndi chitsulo kunsonga zimakanda mwala ndi kubowola dothi. Zikwama zikuluzikulu zimakhula makoma m'tinjira topapatiza. Miyendo yoimikira kamera imaimitsa mzere wonse.

Nanga amene amabwera wapansi pa msewu wakale wa Ainka?

Msewu umenewo, woyenda masiku anayi pamtunda wa makilomita pafupifupi 43, uli ndi malire akeake: zilolezo 500 patsiku. Chofunika kudziwa n'chakuti nambalayi ikuphatikiza operekeza alendo, ophika ndi amtengatenga, moti alendo enieni amakhala pafupifupi 200 okha. Uku n'kuwerengera koona mtima, chifukwa phazi la wantchito limaponda njira chimodzimodzi ndi la mlendo, ndipo onse amafuna malo ogona, madzi ndi chimbudzi. Mwezi wonse wa Febuluwale, mvula ili pachimake, msewuwu umatsekedwa kuti ukonzedwe.

Chimalakwika n'chiyani pa dongosolo limeneli?

Choyamba, anthu sagawika mofanana. Matikiti a `Circuito 2` amatha milungu kapena miyezi isanafike nthawi, pamene a njira zina amatsala. Mlendo amene wachokera kutali n'kupeza tikiti ya njira imene sankaifuna amayesa kudumpha chingwe kapena kuchonderera mlonda pamphambano. Mlonda akalola mmodzi, masamu onse a pakhosi paja asokonekera.

Chachiwiri, ola lolembedwa pa tikiti limadalira sitima ndi basi. Alendo ambiri amafika pa sitima ya pamtunda m'tauni ya Aguas Calientes, m'mphepete mwa mtsinje wa Urubamba, n'kukwera basi kwa pafupifupi theka la ola pamsewu wokhotakhota wopita ku geti. Sitima ikachedwa, anthu a maola awiri amafika pamodzi. Lamulo limalola kuchedwa ndi mphindi 30, kapena 45 m'nyengo ya alendo ambiri, koma kulolera komweko kumachititsa kuti magulu aziunjikana.

Chachitatu n'chachikulu: khamu silitha, limangosamuka. Mu 2022 anthu a m'tauni ija atachita zionetsero, boma linavomera kuti matikiti 1,000 patsiku azigulitsidwa pamaso m'tauni momwemo. Kwa eni mabizinesi zinali zomveka, chifukwa mlendo wodikira tikiti amagona usiku umodzi kapena uwiri, amadya, amagula. Koma zotsatira zake ndi mizere italiitali ya anthu osadziwa ngati alowa mawa kapena mkuja, m'tauni yopanikizika pakati pa mtsinje ndi mapiri, yopanda msewu wa galimoto wotulukira. Mu Januwale 2010 madzi osefukira atawononga njanji, alendo masauzande anatsekeredwa kumeneko mpaka kuchotsedwa pa helikopita, ndipo Machu Picchu anatsegulidwanso mu Epulo. Malire amene amangoona za mkati mwa geti, osaona tauni, zinyalala zake ndi njira yothawira, ndi malire osakwanira.

Anthu a kumaloko amadana ndi malire?

Si nkhani ya kudana ndi miyala ya makolo. Banja limene limadya chifukwa cha alendo limaona tikiti iliyonse yochotsedwa ngati chakudya chochotsedwa patebulo, makamaka pambuyo pa miyezi ya mliri imene malowa anali otseka. Mkangano wambiri umakhala pa funso lakuti akugulitsa matikiti ndani ndipo ndalama zikupita kuti. Mu Januwale 2024 anthu anatseka njanji kwa masiku angapo pokana kuti kampani yosakhala ya boma izigulitsa matikiti pa intaneti, ndipo pambuyo pake boma linatsegula tsamba lakelake, `tuboleto.cultura.pe`. Dongosolo limene anthu oyandikana nalo sakulikhulupirira limagwa tsiku limene atseka njanji, ngakhale masamu ake akhale olondola chotani.

Oyang'anira angadziwe bwanji kuti malire aikidwa molakwika?

Osati poyang'ana matikiti ogulitsidwa, koma poyang'ana malowo. Akatswiri a nkhalango ku United States anafalitsa mu 1985 njira ina yoganizira, imene imasiya kufunsa kuti “anthu angati?” n'kufunsa kuti “kusintha kotani kumene tingakulole, ndipo tidzachita chiyani kukapyola?” Mumasankha zizindikiro zochepa zoyezeka. Mumayeza m'lifupi mwa njira pamalo omwewo mwezi ndi mwezi. Mumajambula sitepe yomweyo, mutaima pamalo omwewo. Mvula ikagwa mumapita kukaona pamene madzi adikha ndi nthawi imene atenga kuti aphwe. Mumayeza mng'alu wa khoma. Mumawerenga anthu oima pachipata chopapatiza pa ola lotanganidwa, ndi mphindi zimene akudikira.

Chofunika n'kulemberatu chochita chizindikiro chisanafike poipa: njira ikakula kupyola mlingo wakuti, matikiti a njirayo atsika, kapena itsekedwa kuti ipume. Chigamulo chikalembedwa pasadakhale, chimavuta kuchisintha tsiku limene amalonda afika pakhomo. Pamene palibe, nambala imangokwera, ndipo kuwonongeka kumadzaonekera patatha zaka, amene anasaina atachoka kale pampando. UNESCO yakhala ikupempha Peru mobwerezabwereza kuti chiwerengero cha alendo chizitsatira kafukufuku wa mmene malowa alili, ngakhale sinawaikepo pa mndandanda wa malo amene ali pangozi.

Kodi zimenezi zikukhudza malo a kwathu kuno?

Mbali ya njira ikukhudza, ngakhale khamu ndi lochepa. Ku Chongoni, m'mapiri a ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawalemba mu 2006. Phanga laling'ono limadzaza ndi kalasi imodzi ya ana asukulu, ndipo utoto umavutika ndi manja, fumbi lotukulidwa ndi mapazi, ndi anthu olemba mayina awo. Pamenepo malire ofunika si a tsiku, ndi a anthu oima kutsogolo kwa thanthwe nthawi imodzi, mtunda umene aimire, ndi kukhalapo kwa woperekeza.

Ngati ndikufuna kupita ku Machu Picchu, ndichite chiyani?

Sankhani njira musanasankhe tsiku, chifukwa simungaisinthe pa geti. Ngati mukufuna chithunzi chapamwamba pamodzi ndi kuyenda pakati pa nyumba, ndi `Circuito 2`, ndipo gulani miyezi ingapo isanafike, makamaka ngati ulendo uli pakati pa Juni ndi Okutobala. Gulani tikiti yolowera kaye, kenako mupeze sitima yogwirizana ndi ola lanu, ndipo musiye mpata wokwanira wa mzere wa basi. Dzina ndi nambala ya pasipoti zili pa tikiti ziyenera kufanana ndi pasipoti imene mwanyamula, chifukwa amaziyang'ana pa geti. Maola a masana amakhala ndi anthu ochepa kusiyana ndi a m'mawa, ndipo nkhungu imakhala itachoka. Pitani kuchimbudzi musanalowe.